Khoma, kupendekeka ndi sapoti: kukonzekera bulaketi isanapite pa pulinta ya 3D

Dandaulo limene limamveka kawirikawiri kwa ongoyamba kumene kugwiritsa ntchito pulinta ya 3D ndi lakuti: "Ndinadzaza m'kati monse, 100 peresenti, koma chathyokabe." Lina ndi la sapoti, pulasitiki yochirikiza mbali zolendewera populinta, imene yamatirira moti pochotsa imang'amba ndi chinthu chomwe. Ambiri amaloza chala filamenti kapena makina. Komatu nthawi zambiri vuto limakhala litayamba kale pa kompyuta, pamene munthu ankasankha mmene chinthucho chigonere pa bedi, malo afulati amene pulinta imamangirapo. Kagonekedweko ndi kamene kamalamula kumene khoma la chinthucho lidutse, mbali zimene zilendewere, komanso ngati sapoti ifunike n'komwe.

Kuti nkhaniyi igwirike, titsatira chinthu chimodzi kuchokera pa chojambula mpaka chituluke: bulaketi yooneka ngati chilembo L, yogwira kashelefu kukhoma. Msana wake wokhudza khoma ndi wautali 60 mm, mkono wonyamula shelefu ndi 50 mm, m'lifupi ndi 20 mm, ndipo kuchindikala kwa zonse ziwiri ndi 5 mm. Pamsana pali mabowo awiri a masikulu a 4.5 mm. Pakona pali nthiti ya makona atatu, ya 30 mm mbali ziwirizo, yochindikala 4 mm, imene wojambula anaiika pakatikati pa m'lifupi.

Mmene pulinta imamangira

Filamenti ndi pulasitiki yonga chingwe, kawirikawiri yonenepa 1.75 mm. Makina amaisungunula n'kuitulutsira pa kamlomo kotchedwa nozulo, kamene pa mapulinta ambiri kali ndi bowo la 0.4 mm. Nozulo imayenda ikuyala kamzere ka pulasitiki, ikamaliza chithunzi chimodzi imakwera pang'ono n'kuyalanso china pamwamba. Kuyala kumodziko kumatchedwa leya, ndipo msinkhu wozolowereka ndi 0.2 mm. Pulogalamu imene imadula chojambula kukhala maleya ndi silayisa, monga Cura, PrusaSlicer kapena OrcaSlicer.

Pali zinthu ziwiri zochokera pamenepa. Choyamba, leya iliyonse imafuna pokhala, ngati njerwa imene singaikidwe m'malere. Chachiwiri, pulasitiki ndi yolimba motsata mzere umene nozulo inayala, koma pakati pa leya ndi inzake ndi pongomatirira chifukwa cha kutentha. Aliyense amene anawazapo nkhuni amadziwa kuti chipika chimang'aluka mosavuta nkhwangwa ikatsata mitsempha yake, koma kuchidula chopingasa ndi ntchito. Chinthu chopulinta chili ndi mitsempha yotero, ndipo mitsemphayo mumaisankha ndinu.

Kugoneka bulaketi

Njira imene imakopa maso ndi kugoneka msana pa bedi, mkono n'kuloza kumwamba. Silayisa sipempha sapoti, mabowo amatuluka ozungulira bwino, nthiti imaima yokha. Koma taganizani mmene katundu adzakokere bulaketiyi ikakhomedwa. Shelefu imakankhira mkono pansi, ndipo pamene mkono wakumana ndi msana, mbali yam'mwamba imakokedwa kuchoka ku khoma. Pakagonekedwe aka, kukokako kumalekanitsa leya ndi inzake, ndendende monga nkhwangwa ija. Bulaketi yotere ikathyoka, pothyokapo pamakhala posalala, pafulati, ngati podulidwa ndi mpeni. Mukaona chilonda chotero, dziwani kuti kuwonjezera zam'kati sikuthandiza kwenikweni, chifukwa chalephera ndi kumatana kwa maleya.

Njira yoyenera ndi kuigoneka cham'mbali, kuti mukayang'ana pa bedi kuchokera pamwamba muone chilembo L. Tsopano leya iliyonse ndi L wathunthu. Mzere wa pulasitiki umachoka pamsana, kukhota pakona, kupita kumkono osaduka. Msinkhu wa chinthu chonse umangokhala 20 mm, maleya 100. Mtengo wake ndi wakuti mabowo a masikulu tsopano agona chopingasa, ndipo nthiti ija yatsala m'malere. Tifika kumeneko.

Khoma likhale mizere ingati

Mawu akuti khoma pano ali ndi matanthauzo awiri amene amasokonezedwa. Pali kuchindikala kumene mwajambula, monga 5 mm wa bulaketi yathu. Palinso chiwerengero cha mizere imene nozulo izungulire m'mphepete isanayambe kudzaza m'kati ndi timizere totalikirana. Mu Cura chiwerengerochi ndi Wall Line Count, mu PrusaSlicer ndi Perimeters. Zodzaza m'katizo ndi zimene amati inifilu.

Nozulo ya 0.4 mm siyala mzere wa 0.4 mm nthawi zonse. PrusaSlicer imakonda 0.45 mm, ndipo popeza m'mbali mwa mzere mumakhala mobulungira, mizere yoyandikana imalowana pang'ono. Pa leya ya 0.2 mm, mzere uliwonse wowonjezera umangowonjezera pafupifupi 0.41 mm. Ndiye mizere iwiri ndi 0.86 mm, inayi ndi 1.67 mm, isanu ndi umodzi ndi pafupifupi 2.49 mm.

Tiike manambalawa pa mkono wa 5 mm. Mizere iwiri mbali iliyonse imatenga 1.72 mm, pakati n'kutsala 3.28 mm ya inifilu. Mizere inayi mbali iliyonse imatenga 3.34 mm, pakati n'kutsala 1.66 mm. Mizere isanu ndi umodzi imadzaza mkono wonse.

Chifukwa chimene mizere imaposera inifilu n'chakuti chinthu chikamapindika, mbali yakunja imodzi imakokedwa, inayo imafinyidwa, koma pakatikati sipagwira ntchito yambiri. N'chifukwa chake paipi yachitsulo imalimba ngakhale m'kati muli mphako. Tikawerengera ngati kuti pakati palibe kanthu, mizere iwiri imapatsa mkono wathu pafupifupi 72 peresenti ya kusapindika kumene ukanakhala nako utadzaza wonse. Mizere inayi imapereka pafupifupi 96 peresenti. Choncho mizere inayi ndi inifilu ya 20 peresenti n'zokwanira pa bulaketi iyi, ndipo kupitirira apo ndi kuwononga filamenti ndi nthawi. Mizere yomweyo imazunguliranso mabowo ndi kulimbitsa pamene mutu wa sikulu ufinye.

Ngati bulaketi ikuonekabe yofooka, bwererani ku chojambula. Mphamvu yopirira kupindika imakula motsata kuchindikala kuchulukitsa ndi kuchindikala komweko. Kuchoka pa 5 mm kufika pa 6 mm ndi kuchoka pa 25 kufika pa 36, kutanthauza kuwonjezera 44 peresenti chifukwa cha milimita imodzi yokha. Palibe nambala ya inifilu imene ingakupatseni zimenezo.

Makoma opyapyala, monga a kabokosi ka zamagetsi, ali ndi vuto lawolawo. Mukajambula khoma la 1.0 mm, mizere iwiri imadzaza 0.86 mm n'kutsala kampata kamene mzere wachitatu sungalowemo. Masilayisa akale ankasiya mpatawo kapena kuudzaza ndi timadontho, nozulo ikunjenjemera. Kuchokera mu 2022, pamene Cura 5.0 ndi PrusaSlicer 2.5 zinayamba kugwiritsa ntchito njira yotchedwa Arachne, silayisa imatha kunenepetsa kapena kuchepetsa mzere kuti ukwanire. Zinapepuka, komabe khoma la mzere umodzi ndi losadalirika, ndipo lochepera kwambiri pa bowo la nozulo likhoza kusoweratu pa chopulinta. Pa chinthu chogwiragwira ndi manja, musatsike pansi pa mizere iwiri. Pa chonyamula katundu, yambirani pa inayi.

Pansi ndi pamwamba pamafunanso maleya odzaza. Anayi pansi ndi asanu pamwamba, pa 0.2 mm, ndi poyambira pabwino. Akachepa, pamwamba pamatuluka timatuza ndi timabowo totsata mipata ya inifilu, chifukwa leya yoyamba yophimba imagwera m'mipatamo ndipo pamafunika ena angapo kuti aisalaze.

Kupendekeka: kumene 45 amachokera

Mbali yolendewera ndi paliponse pamene leya yapamwamba yatulukira kunja kupitirira yapansi pake. Mmisiri womanga akafuna kutulutsa njerwa kuti apange kakhonde pakhoma, amasuntha mzere uliwonse pang'ono, gawo lalikulu la njerwa likadali pa inzake. Akasuntha kwambiri, njerwa imagwa. Pulinta imachita zomwezo, ndipo mtunda umene leya imasuntha umawerengedwa motere, ngodya ikuyezedwa kuchokera pa khoma loima chilili:

```
kusuntha = msinkhu_wa_leya × tan(ngodya)
0.20 × tan(45°) = 0.20 mm
0.20 × tan(60°) = 0.35 mm
0.20 × tan(70°) = 0.55 mm
0.12 × tan(60°) = 0.21 mm
```

Mzere wathu ndi wa 0.45 mm. Pa madigiri 45, umatuluka 0.20 mm, ndipo woposa theka wakhala pa mnzake. Palibe vuto. Pa madigiri 60, umatuluka 0.35 mm, wangogwira ndi 0.10 mm basi. Pa madigiri 70, umatuluka 0.55 mm, kuposa m'lifupi mwake, ndiye kuti nozulo ikuyala pulasitiki mumphepo. Lamulo lotchuka la madigiri 45 lagona pamenepa. Si mpanda woti sungadumphidwe, ndi malo chabe amene pafupifupi pulinta iliyonse imadutsa popanda kuinyengerera.

Mzere womaliza wa kuwerengaku ndi wofunika kuuyang'anitsitsa. Mukatsitsa leya kufika 0.12 mm, madigiri 60 amangosuntha 0.21 mm, pafupifupi chimodzimodzi ndi madigiri 45 pa leya ya 0.2 mm. Choncho m'malo moika sapoti, nthawi zina n'kokwanira kupyapyalitsa maleya pagawo lopendekeka lokhalo. Masilayisa onse atatu aja amalola kusintha msinkhu wa leya m'zigawo.

Chinanso ndi kuzizira. Pulasitiki imatuluka yofewa, ndipo ikapanda kuuma msanga imalendewera kapena kupiringizikira m'mwamba. Ndi filamenti ya mtundu wa PLA, imene imapulintidwa cha pa madigiri 200 mpaka 215, fani ikhale pa mphamvu zonse, ndipo mapulinta ambiri amafika madigiri 55 kapena 60 a kupendekeka bwinobwino. Filamenti ya mtundu wa PETG imafuna kutentha kwa madigiri 230 mpaka 250, imachedwa kuuma, ndipo mukaiuzira mphepo yambiri maleya samatana bwino. Ndi PETG ndi bwino kukhala pafupi ndi 45 kapena 50. Zizindikiro zakuti mwapyola malire zimaoneka motsatana: pansi pa mbali yopendekekayo pamayamba kukhakhala, kenako makona amatukukira m'mwamba nozulo n'kumawagunda ikamadutsa, mapeto ake timizere timalendewera ngati ulusi. Ngati mbali imodzi yatuluka bwino inayo yoipa pa ngodya yofanana, fani ikuuzira mbali imodzi, ndipo kutembenuza chinthucho pa bedi kungathetse vutolo.

Pali msampha wina pa masilayisa umene wagwetsa anthu ambiri. Cura imayeza ngodya kuchokera pa choima chilili, ndiye mukakweza Support Overhang Angle sapoti imachepa. PrusaSlicer imayeza kuchokera pa bedi, ndiye mukakweza Overhang threshold sapoti imachuluka. Kulemba 55 mu Cura n'chimodzimodzi kulemba 35 mu PrusaSlicer. Amene amakopera nambala kuchoka ku ina kupita ku inzake osatembenuza amadabwa kuona sapoti yamera paliponse.

Mabowo ogona ndi m'mphepete mwa pansi

Bowo lozungulira likagona chopingasa, denga lake limayamba moima n'kumapendekeka mpaka kufika pafulati pamwamba penipeni. Pa bowo la 4.5 mm, gawo lopyola madigiri 45 ndi lotambalala pafupifupi 3.2 mm. Kampata kotere nozulo imangokadumpha. Kudumpha mpata pakati pa malo awiri olimba kumatchedwa mlatho: mzere umakokedwa ngati chingwe choyanikira zovala, n'kuuma usanagwe. Bowo lidzatuluka lophwatalala pang'ono pamwamba, ndipo biti yoboolera ya 4.5 mm yoipotoza ndi dzanja imalikonza. Musalole sapoti kulowa m'kabowo kotere, chifukwa kuitulutsa kumavuta kuposa kukonza bowolo.

Bowo likakula, kuyambira cha pa 10 mm, jambulani denga lake losongoka ngati dontho la madzi, mbali ziwiri zokumana pamwamba pa madigiri 45. Pokhala mutu wa sikulu yomira, ija ya mutu wa madigiri 90, ndi popendekeka madigiri 45 kale, ndiye sipavuta.

M'mphepete mwa bulaketi mokhudza bedi musamabulungize. Kubulungira kumayamba pafupifupi pafulati, ndiye maleya oyambirira amatuluka kwambiri n'kukhakhala. Dulani kona mopendekeka madigiri 45, ngakhale 0.5 mm chabe. Kuduladula kumeneku kumabisanso kufutukuka kwa leya yoyamba, kumene kumabwera nozulo ikafinyira pulasitiki pa bedi yotentha. Koma pakona yam'kati ya L, pamene mkono wakumana ndi msana, bulungizani ndithu, chifukwa pakagonekedwe kathu kubulungirako kuli m'kati mwa leya, sikulendewera, ndipo kumamwaza mphamvu imene ikanaunjikana pakona yakuthwa.

Nthiti yotsala m'malere

Tafika pa vuto lenileni la bulaketi yathu. Nthiti ya 4 mm ili pakati pa 20 mm, ndiye bulaketi ikagona cham'mbali, pansi pa nthiti pali mpata wa 8 mm, maleya 40. Pa leya ya 41 nozulo iyenera kuyala denga lafulati la makona atatu, logwira pamsana ndi pamkono, mbali yachitatu ili pamphepo.

Njira yabwino koposa ndi kubwerera ku chojambula n'kusunthira nthiti m'mphepete, kuti igone pa bedi. Sapoti yatha pomwepo. Mabowo asunthidwe pang'ono, pakati pake pakhale 12 mm kuchokera m'mphepete mwa bulaketi mmene mwagona nthiti, kuti mutu wa sikulu wa 8 mm ndi sikuludiraiva zipeze malo. Ngati shelefu ikufuna mabulaketi awiri, wachiwiri mumangomutembenuza ngati pagalasi mu silayisa.

Njira yachiwiri ndi kuyesa mlatho. Mizere ikayalidwa motsata mbali yaitali ya nthiti, uliwonse umagwira pamsana ndi pamkono, ndipo wautali kwambiri ndi pafupifupi 42 mm. Pulinta ya fani yabwino ndi PLA ikhoza kudumpha pamenepo, koma mizere yaitaliyo imagwera pakati ndipo simatana ndi yapamwamba pake. Onani kaye pa chithunzi cha maleya mu silayisa ngati yasankhadi njira imeneyo. Ikayala mizere yothera pamphepo, idzagwa.

Njira yachitatu, ngati chojambula sichingasinthidwe, ndi sapoti.

Kuika sapoti pamene ikufunika pokha

Sapoti ndi timizati tapulasitiki timene pulinta imamanga pamodzi ndi chinthu, tothyola pamapeto, monga mapolo amene amachirikiza silabu ya konkire mpaka iume. Imadya filamenti ndi nthawi, ndipo paliponse pamene yakhudza imasiya chipsera. Choncho funso likhale lakuti ndi pati pamene singapeweke, ndipo chipseracho chikhale mbali imene sioneka komanso sikhudzana ndi chinthu china.

Yambani ndi kulamula kuti sapoti imere pa bedi pokha. Mu Cura, pa Support Placement sankhani Touching Buildplate. Mu PrusaSlicer chongani Support on build plate only. Pa bulaketi yathu izi zokha zimatsekera sapoti kunja kwa mabowo a masikulu, n'kuisiya pansi pa nthiti. Pa zinthu zovuta kuposa izi, PrusaSlicer ili ndi Paint-on supports yopentera pamene mukufuna, ndipo Cura ili ndi Support Blocker yotsekera pamene simukufuna.

Nambala imene imalamula ngati sapoti ichoke mosavuta ndi kampata ka pakati pa nsonga yake ndi chinthucho. Mu Cura ndi Support Z Distance, mu PrusaSlicer ndi Top contact Z distance. Poyambira ndi leya imodzi, 0.2 mm. Ndiye kuti sapoti yathu imakwera 7.8 mm, nozulo n'kuyala nthiti pamwamba pa kampatako, pulasitiki ikungotsamira osamatirira kwenikweni. Kampata kakachepa, sapoti imasungunukirana ndi nthiti ndipo mumachita kuisema ndi mpeni. Kakakula, imachoka yokha koma pansi pa nthiti pamakhala timizere tobulungira tolekanalekana, tina tosomphoka ndi chikhadabo. PETG imamatirira kwambiri kuposa PLA, ndiye ipatseni 0.25 kapena 0.3 mm. Sinthani pang'onopang'ono, 0.05 mm nthawi imodzi ngati silayisa yanu ikulola, ndipo yesani pa kachidutswa m'malo mopulinta bulaketi yonse.

Pamwamba pa sapoti ikani maleya awiri kapena atatu othithikana, amene mu PrusaSlicer ali pa Top interface layers ndipo mu Cura amayatsidwa ndi Enable Support Interface. Amapanga kathebulo kosalala kuti mizere ya nthiti isagwere m'mipata. Thupi la sapoti pansi pake likhoza kukhala lotayana, 10 kapena 15 peresenti. M'mbali siyani mpata wa 0.5 mpaka 0.8 mm pakati pa sapoti ndi makoma oima, apo ayi imakanirira pakona ya L pomwe pulayala sifika bwino.

Pali mitundu iwiri ya sapoti. Yamizere imakwera molunjika ngati mpanda, ndipo ndi yoyenera denga lafulati lapafupi ndi bedi, monga nthiti yathu. Yanthambi, imene Cura imaitcha Tree ndipo PrusaSlicer imaitcha Organic kuyambira pa 2.6 mu 2023, imamera ngati mtengo, kukhota kuzungulira chinthu n'kukagwira malo aang'ono m'mwamba. Imathandiza pa zidole ndi zinthu zokhotakhota. Pa denga lotambalala la 8 mm kuchokera pa bedi ilibe phindu lenileni. Sapoti yaitali yopyapyala imatha kugwa nozulo ikaigunda, ndipo mankhwala ake ndi kuipatsa tsinde lotambalala pa bedi.

Musanatumize ku pulinta

Tsegulani chithunzi cha maleya n'kukwera nacho pang'onopang'ono. Pa leya ya 10, werengani mizere pamkono: ikhale inayi mbali iliyonse, yokhota pakona osaduka. Pa maleya a 39 mpaka 41, onani kathebulo ka sapoti, kampata, kenako leya yoyamba ya nthiti. Pamwamba pa mabowo, onani timilatho tatifupi popanda sapoti m'kati. Paliponse pamene mzere wayamba popanda kanthu pansi pake, bwererani.

Chotsani sapoti chinthu chitazizira, poipotoza cham'mbali ndi pulayala m'malo moikoka molunjika. Ndipo ganizirani kumene bulaketi ikakhale. PLA imayamba kufewa cha pa madigiri 60, ndipo ikanyamula katundu nthawi yaitali pamalo ofunda imawerama pang'onopang'ono ngakhale isanafike pamenepo. Ya pafupi ndi denga lamalata kapena pawindo lowomba dzuwa ipulinteni ndi PETG, imene imapirira mpaka cha pa madigiri 80, ndipo musinthe kampata ka sapoti ndi malire a kupendekeka kuti zigwirizane nayo.